Schadenfreude: ndawamasulira achemwali anga, akuti umenewo ndi ufiti

Nangozo: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso la Chijeremani koma si la mayeso. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndikuphunzira unamwino tili ndi bwana wina wokhwimitsa malamulo kwambiri. Ukachedwa ndi mphindi zitatu zokha, amalemba m'buku. Lachiwiri lapitali anachedwa ndi iwowo, ndiye pothamanga anaimika galimoto pamalo osungidwira galimoto za anthu olumala, mumsewu wa kutsogolo kwa geti. Pofika masana galimoto inali itakokedwa. Chindapusa ndi mayuro 55, koma ya okoka galimoto ndiye inaposa pamenepo kangapo, komanso anakaitenga kutali pabasi. Tikumwa khofi, mnzanga wina, mayi wachijeremani wa mtima wabwino zedi, anatsitsa mawu n'kunena kuti “Ein bisschen Schadenfreude muss sein.” Tonse tinaseka mobisa.

Madzulo ndinawafotokozera achemwali anga a ku Dedza pafoni. Ndinati Ajeremani ali ndi liwu limodzi lotanthauza kukondwera ndi tsoka la mnzako, ndipo mnzanga uja amati kachisangalalo kotero kamafunika. Achemwali anakhala chete, kenako anati, “Iwe, umenewo ndi ufiti. Anthu amenewo usamadye nawo.” Ndinamasulira monga mmene dikishonale imanenera, koma zimene iwo anamva si zimene zinanenedwa patebulo paja. Ndalakwitsa pati? Liwu limeneli ndi lolemera bwanji kwa eni ake?

Chiko wa Maule: Musavutike achemwali, imeneyo ndi nsanje basi. Auzeni kuti ndi nsanje ya Chijeremani, amva.

Yamikani: Pepani ndafika mochedwa. Amatchula bwanji? Ine ndikuwerenga kuti “sikadenifireude”, lilime likukana.

Tadala: Yamikani, nenani kuti sha-den-froi-de. Zilembo za sch zimamveka sh, za eu zimamveka oi, ndipo e womalizayo amamveka ndithu, koma mopepuka. Kukweza mawu kuli pa sha.

Aphunzitsi Mbewe: Nangozo, simunalakwitse tanthauzo. Chimene chakupwetekani ndi liwu limodzi lathu lomwe, loti tsoka. Liwu lachijeremanili ndi mawu awiri omatidwa: Freude, chimwemwe, ndi Schaden. Tsono Schaden si tsoka monga timamvera kwathu. Ndi liwu la ku inshulansi. Galimoto zikagundana n'kungophwanyika malata, palibe wovulala, amati Blechschaden. Paipi ikaphulika madzi n'kuwononga denga la mnzako wa pansi, amati Wasserschaden. Ndalama ya chipukuta misozi ndi Schadenersatz. Ndiye Mjeremani akamva Schaden, chimene chimayamba kubwera m'mutu mwake ndi kuwonongeka kwa chinthu, kuluza ndalama, kuchita manyazi. Zinthu zoti mawa munthu adzuka n'kupitiriza moyo.

Ife tikati tsoka, munthu wa ku Dedza amaona maliro, ngozi ya minibasi, nyumba yopsa ndi chimanga chili momwemo. Achemwali anu atamva kuti kukondwera ndi tsoka, anaona munthu akumwetulira pasiwa. Kwathu munthu wotero timamutchuladi mfiti, ndiye iwo anayankha bwino malinga ndi zimene munawapatsa. Mukanati “kumva kukoma wina zikamuvuta” kapena “kusekera mumtima wina akagwa nayo”, mukanayandikira.

A Chiko, nsanje ayi. Nsanje ndi Neid, ndipo imayang'ana mbali ina: imawawa mnzako zikamuyendera. Ichi chimakoma mnzako zikamukanika. N'zoona kuti nthawi zambiri nsanje ndi imene imalima munda umene Schadenfreude amameramo, chifukwa amene timamusirira mowawidwa ndi amene kugwa kwake kumatikomera. Koma mu nkhani ya a Nangozoyi ndani ankachitira nsanje bwanayo? Palibe. Chinawakomera anthu n'chakuti wosunga malamulo wagwidwa ndi lamulo.

Chiko wa Maule: Chabwino aphunzitsi, ndamva. Ndiye kuti n'zimene timachita ife Manoma akaluza, ngakhale sitinasewere nawo ndife. Tsiku lako limangokoma.

Aphunzitsi Mbewe: Pamenepo ndiye mwalasa. Ndipo mwanena chinthu chofunika: sitinasewere nawo ndife. Mwini wa Schadenfreude ndi woonerera. Sanachite kanthu kuti mnzakeyo agwe. Mukawagoletsa nokha, chimenecho ndi chimwemwe cha kupambana. Mukamutchera wina msampha n'kugwamo, kumeneko ndi kubwezera kapena nkhanza. Liwuli ndi la munthu amene wangopeza zitachitika, mtima wake n'kuti tsee.

Gift wa ku Joni: Nkhani ya mpirayi yandikumbutsa 2018. Jeremani inapita ku Rasha ili ndi chikho cha 2014 m'manja, n'kuluza 2-0 kwa South Korea ku Kazan, zigoli zonse ziwiri m'nthawi yowonjezera, chachiwiri golo ilibe munthu chifukwa goloboyi wawo Neuer anali atakwera kutsogolo. Inathera pansi pa gulu lake. Tsiku limenelo liwu lija linali paliponse pa intaneti, anthu akuwabwezera eni ake liwu lawo lomwe. Ndinaonera ndi anzanga mu holo ina, tonse tinadumpha. Ndiye tonse tinali ndi Schadenfreude?

Aphunzitsi Mbewe: Masewero amenewo ndi abwino pophunzitsira, chifukwa anthu osangalala tsiku lija anali magulu atatu. A ku Korea ankasangalala kuti apambana. A ku Mexico analuza 3-0 kwa Sweden nthawi yomweyo, koma anapitirira chifukwa Jeremani yagwa, ndiye chimwemwe chawo chinali cha phindu: kugwa kwa wina kwawatsegulira khomo. A ku Brazil sanapatsidwe chigoli kapena pointi ndi masewero amenewo. Chimene anali nacho ndi bala la mu 2014, pamene Jeremani inawachinya 7-1. Amenewo ndiye eni ake a liwuli. Inu a Gift mudzifunse nokha: munadumpha chifukwa mumakonda timu yaing'ono ikachita zodabwitsa, kapena chifukwa wamkulu wachita manyazi? Choyambacho si Schadenfreude, chachiwiricho ndi chomwecho.

Gift wa ku Joni: Kunena zoona, zonse ziwiri.

Yamikani: Koma ine ndikuona kuti mtundu umene unafika popanga liwu lapadera la zimenezi uli ndi mtima wouma. Ife tilibe chifukwa sitichita.

Tadala: Ayi Yamikani, pamenepo sindikuvomera. Ndakhala ku Leipzig zaka 9, amuna anga ndi akuno, ndipo sindinaone kuti amachita kuposa ife. Chijeremani chimangolola kumata mawu awiri kapena atatu kukhala limodzi, ndiye zinthu zambiri zimene ife timanena ndi chiganizo iwo amanena ndi liwu limodzi. Ife timamata mbali ina, pa mneni: “ndinakamugulira” ndi liwu limodzi, Mjeremani afunika mawu angapo. Komanso tisanamizane. Munthu wodzitukumula akagwa mumatope pamsika, ndani sanamvepo “eyaa, wakhaula”? Nanga mwambi uja woti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, makolo ankaletsa chiyani ngati khalidwelo kunalibe?

Gift wa ku Joni: Ndipo si Ajeremani okha. Kuno Mabunu amati leedvermaak, Adatchi chimodzimodzi. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kalekale, sindinadziwe kuti ndi chinthu chomwechi.

Mayi Nachisale: Ana anga, ine Chijeremani sindichidziwa, ndili pagulu pano chifukwa cha mdzukulu wanga amene akuphunzira. Koma ndikuona ngati mukufuna kuchipaka mafuta chinthu choipa. Miyambo 24:17 imatiletsa kukondwera mdani wathu akagwa. Sinanene kuti akagwa pang'ono kondwerani, akagwa kwambiri lekani. Achemwali a Nangozo ananena zoona, mwina anangolemeretsa mawu.

Aphunzitsi Mbewe: Amayi, mawu anuwo alinso pakati pa Ajeremani eni ake, ndipo n'chifukwa chake liwuli limavuta kulifotokoza. Katswiri wawo wa nzeru zakuya, Schopenhauer, amene anamwalira ku Frankfurt mu 1860, analemba kuti kumva nsanje ndi umunthu wamba, koma kumva kukoma ndi Schadenfreude ndi usatana. Onani, sanasiyane kwenikweni ndi achemwali a ku Dedza aja: iwo anati ufiti, iye anati usatana. Koma anthu omwewo ali ndi mwambi wa tsiku ndi tsiku woti “Schadenfreude ist die schönste Freude”, kutanthauza kuti ndicho chimwemwe chokoma kuposa zonse, ena n'kuwonjezera kuti chifukwa chimachokera pansi pa mtima. Mwambiwu amaunena akumwetulira, ngati munthu wovomera kakhalidwe kamene akudziwa kuti si kabwino. Palibe amene amauphunzitsa mwana ngati langizo.

Ndiye liwulo palokha silikuuza kulemera kwake. Ine ndikamaphunzitsa ndimati mverani kaye amene akulankhula, ndipo akunena za yani. Munthu akamanena za iye mwini, pafupifupi nthawi zonse amalichepetsa. Mnzanu uja, Nangozo, anati ein bisschen, pang'ono chabe, ndipo anatsitsa mawu. Ena amati “Ich kann mir eine gewisse Schadenfreude nicht verkneifen”, ndiko kuti ndikulephera kudziletsa kumva kakukoma kenakake. Mawu oti verkneifen ndi omwe amagwiritsa ntchito pa kubweza phwete. M'chiganizo chimenecho munthu akuulula, akudziwa kuti akanayenera kudziletsa. Kwathu timachita zomwezo ndi ka: kamtima, kakumwetulira, kachisangalalo. Ka ameneyo ndi amene munamusiya m'njira pomasulira.

Koma liwu lomweli ukaloza nalo mnzako, limasanduka mlandu. “Sei nicht so schadenfroh” ndi chidzudzulo, monga mayi amauzira mwana amene akuseka mng'ono wake atagwetsa ayisikilimu. Ndipo wina akanena kumbali kuti “Er ist ein schadenfroher Mensch”, kuti uje ndi munthu wotero mwachibadwa, pamenepo palibenso kuseka. Akunena kuti musamuuze mavuto anu.

Nangozo: Izi zandithandiza kwambiri aphunzitsi. Ndiye mnzanga uja akanauza bwanayo maso ndi maso, likanakhalabe liwu lomweli?

Tadala: Ndiyankheko ine, chifukwa ndinaphunzira zimenezi kwa apongozi anga aakazi. Ayi, likatuluka pakamwa kupita kwa wogwayo limasintha dzina. Schadenfreude ndi chimene chili mumtima, mwina chionekere pa milomo pang'ono. Mukayamba kumuseka poyera ndi Spott, kunyogodola. Mukamuseka ndi ululu, mukufuna amve kuwawa, ndi Häme, ndipo kumwetulira kwa mtundu umenewo amati hämisch. Liwu limenelo silikhala lopepuka m'pang'ono pomwe, simungamve munthu akunena mokondwa kuti ine ndili ndi Häme pang'ono. Ana okha ndi amene amatulutsa zonse poyera: amati “Ätsch!” uku akutulutsa lilime. Mwana wanga wa zaka 6 anabwera nalo kuchokera ku sukulu ya mkaka, ndipo ndinangomva kuti ndi “eyaa” wathu uja ndendende.

Nkhani yanga ndi iyi. Tinali ndi neba amene ankatidandaulira chilichonse, ana akathamanga, tikaphika usipa, tikalandira alendo Lamlungu. Tsiku lina makina ake ochapira anataya madzi mpaka kunyumba ya pansi pake, iye amene ankati ife ndi osasamala. Apongozi anga anati “Das geschieht ihm recht”, zamuyenera, tonse tinaseka. Patapita miyezi bambo yemweyo anagwa pamasitepe n'kuthyoka chiuno. Ine, poganiza kuti ndazolowera nthabwala zakuno, ndinayamba kunena kuti kodi iyinso ndi Schadenfreude. Apongozi anandiyang'ana nkhope ili gwa, anati “Darüber lacht man nicht”, zotere saseka. Mawa lake anamuphikira supu n'kukamusiyira. Munthu yemweyo, kudana komweko, koma malire anali pa thupi. Ndalama, manyazi, galimoto, kuluza masewero, zimenezo n'zosekeka. Matenda, kuvulala kwenikweni, imfa, pamenepo liwuli likatchulidwa limakhala lolemera ngati ufiti wa achemwali aja.

Mayi Nachisale: Apongozi anuwo ndawakonda. Koma supu yomweyo ikanapitanso tsiku la madzi lija.

Chiko wa Maule: Funso langa ndi lakuti, bwana wa a Nangozo analakwadi. Anatseka malo a olumala. Ndiye kusangalala kuti walangidwa si kukonda chilungamo? Bwanji tikuchitcha dzina loipa?

Aphunzitsi Mbewe: Funso labwino, ndipo Chijeremani chili ndi liwu lina la mbali imeneyo, Genugtuung. Ndiko kukhutira kuti cholakwa chakonzedwa, mtima kukhala pansi. Munthu amene anaberedwa, khoti n'kugamula momukomera, amamva Genugtuung, ndipo akhoza kunena pa wailesi popanda manyazi. Njira imene ine ndimasiyanitsira ndi kufunsa kuti: chikukomacho n'chiyani kwenikweni? Ngati bambo wa pa njinga ya olumala amene amaimika pamalo paja anamva bwino kuti malo ake atsegulidwa, imeneyo ndi Genugtuung. Koma patebulo la khofi paja anthu sankaganiza za bamboyo. Ankaona m'maganizo bwana ataima pa siteji ya basi, nkhope itagwa, buku lake lolembamo ochedwa lili m'chikwama. Chimene chinakoma ndi kutsika kwake. N'chifukwa chake mayi uja anasankha liwu limene anasankha, ndipo anatsitsa mawu.

Chiko wa Maule: Komatu aphunzitsi mumtima mwa munthu ziwirizi sizikhala m'mabokosi osiyana. A Nangozo analembedwapo m'buku lija chifukwa cha mphindi zitatu. Iwonso ndi olakwiridwa. Kwa iwo ndi Genugtuung yomweyo.

Nangozo: A Chiko akunena zoona pang'ono. Ndinalembedwa kawiri, kamodzi chifukwa sitima inachedwa. Nditamva za galimoto ija, chimene chinabwera koyamba n'chakuti tsopano adziwe kuti kuchedwa kumagwera aliyense. Koma sindibisa, nditawaona akutuluka ndi ambulera kupita ku basi ndinamvanso kena kake kosiyana ndi koyambako.

Aphunzitsi Mbewe: Pamenepo sinditsutsa. Malirewo ndi osavuta pa bolodi, mumtima amasakanikirana. Ndipo anthu amasankha liwu mowakomera: zanga ndimati Genugtuung, za mnzanga ndimati Schadenfreude. Mukamawerenga nyuzi za ndale zakuno mudzaziona, chipani china chikaluza.

Gift wa ku Joni: Nanga Azungu a Chingerezi akamalinena, n'chimodzimodzi? Chifukwa ine ndinalimva koyamba kwa iwo.

Tadala: Kulemera kwake kumasiyana. Kwa iwo ndi liwu lobwereka, limamveka la anthu owerenga, munthu akalitchula amakhala ngati wavala jekete. Kuno ndi la m'khitchini, mwana wa pulayimale amalidziwa. Amuna anga anadabwa atamva kuti kunja amalitenga ngati liwu lozama. Ndiye amene munaliphunzira kudzera m'Chingerezi samalani, mungalinene patebulo poganiza kuti mukuonetsa nzeru, pamene mwamuuza munthu kuti ali ndi mtima woipa.

Yamikani: Ndiye m'Chichewa tizinena kuti chiyani? Tipange liwu lathu? Chisekatsoka?

Aphunzitsi Mbewe: Tsoka labwereranso, ndiye mwambwezera achemwali aja pasiwa. Ine sindifuna liwu limodzi. Ndimamasulira malinga ndi chiganizo. Pamene munthu akuulula zake mopepuka ndimati “kamtima kanga kanati eyaa”. Pamene akudzudzula mwana ndimati “usamaseke mnzako zikamuvuta”. Pamene akunena za khalidwe la munthu ndimati “amakondwa anzake akamavutika”. Katatu konseko Mjeremani wagwiritsa ntchito tsinde limodzi.

Tadala: Ine “eyaa” ndimamuona kuti ndi waphokoso kwambiri, aphunzitsi. Eyaa timamunena mokweza, nthawi zina wogwayo akumva, ndiye wayandikira Spott. Chinthuchi ndi chachete. Ndingakonde “kusekera m'mimba”.

Aphunzitsi Mbewe: N'chifukwa chake ndinati kamtima ndi kamene kananena, osati pakamwa. Koma ndikuvomera kuti kwathu zinthu izi timazitulutsa msanga, ndiye mawu athu ambiri ndi a zonenedwa, osati a zobisika. Kusekera m'mimba sindinakumvepo kwathu ku Kasungu, koma ndikumva chimene mukutanthauza.

Mayi Nachisale: Kwathu ku Mulanje munthu wotero timati ali ndi kaduka, basi. Kaya wanena kaya sananene.

Chiko wa Maule: Mwaona, ndinayamba ndi nsanje mukundikana, amayi afika pa kaduka.

Tadala: Kaduka ndi kusafuna kuti mnzako akhale nacho, kuno amati Missgunst. N'zoyandikana, koma kaduka kamakhalapo ngakhale mnzakoyo asanagwe. Ndiponso simunganene kuti “kaduka pang'ono kamafunika” anthu n'kuseka nanu. Pamenepo ndi pamene pakutivuta: mawu athu onse a mtundu umenewu ndi oloza wina, palibe lodziulula nalo wekha.

Nangozo: Ndawaimbiranso achemwali usiku uno. Liwu lija sindinalitchule n'komwe poyamba. Ndinangowafunsa ngati akukumbukira kapitawo wa pa esiteti ya fodya pomwe ankagwira ganyu, amene ankadula anthu malipiro akachedwa, tsiku limene njinga yake inaphulika tayala n'kufika dzuwa lili pamutu akuikankha. Anayamba kuseka ndisanamalize. Ndinati chimene mwamva panopacho ndi chimene mnzanga ankanena. Anati, “Aa, chimenecho? Chimenechotu si ufiti, ndi kukhaula kwake iyeyo.” Ndinawauza kuti kukhaula ndi kwa kapitawoyo, koma liwu la Ajeremani likunena za iwo amene akusekawo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati sakuona chifukwa chopatsira dzina mbali imeneyo, poti wolakwa ndi uja.

Aphunzitsi, Lolemba bwana aja akubwera ku msonkhano wa m'mawa. Mnzanga wina akuti tiwafunse ngati apeza poimika galimoto. Malinga ndi zimene a Tadala anena, imeneyo yakhala kale Spott eti?

Aphunzitsi Mbewe: Ndi Spott ndithu, ndipo akafunsa pamaso pa anthu onse akumwetulira, yafika pa Häme. Inu muli pa maphunziro, ndipo amene amasainira mapepala anu ndi iwowo. Musafunse nawo.